Phunziro: Kulembera Wantchito wa Pakampani Imene Mukufuna Kulowako Kuti Akuuzeni Zoona

Chidziwitso cha ntchito chikatuluka m'nyuzipepala, kapena chikamatidwa pa bolodi la ku ofesi ya zantchito pa boma pano, chimanena zimene kampani ikufuna kwa inu: maphunziro anu, zaka zimene mwagwirapo ntchito ndi tsiku lotsekera kulandira makalata. Sichinena tsiku limene malipiro amafikadi m'manja mwa antchito, nthawi imene anthu amawerukadi, kapena chimene chidachotsa munthu amene adali pa mpando umene ukulengezedwawo. Akulu adati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Amene angakuuzeni za m'kati mwa nkhuyu ndi amene adaibenthula kale, ndipo pa nkhani ya ntchito munthu ameneyo ndi wantchito wa pakampanipo.

Phunziro la mwezi uno ndi la uthenga umodzi wokha, umene wofuna ntchito amatumiza kwa wantchito wotere. Achinyamata ambiri amayesa kulemba uthengawu, koma amangolandira yankho lakuti "kuli bwino" kapena sayankhidwa n'komwe. Kawirikawiri vuto limakhala mu uthengamo. Munthu amanena zoona za kuntchito kwake pamene waona kuti kuyankha sikumuika m'mavuto, ndiponso pamene wafunsidwa zinthu zimene adaziona ndi maso ake osati maganizo ake chabe.

Mantha a munthu amene mukumulembera

Musanalembe liwu lililonse, ganizirani za amene alandire uthengawo. Iye ali pa ntchito imene ikudyetsa banja lake. Uthenga wochokera ku nambala yachilendo ukafika wofunsa za abwana ake, mumtima mwake mumabwera mafunso atatu. Loyamba ndi lakuti, kodi ameneyu sadatumidwe ndi akuluakulu kuti andiyese? Lachiwiri ndi lakuti, kodi zimene ndilembe sizijambulidwa n'kuzungulira m'mafoni mpaka kukafika ku ofesi? Lachitatu ndi lakuti, kodi mapeto ake sandipempha kuti ndimulowetse ntchito, chinthu chimene sindingathe?

Mantha amenewa si opanda maziko. Mawu olembedwa pa WhatsApp sazimirira ngati olankhulidwa panjira, ndipo makampani ambiri amasainitsa antchito awo kuti sadzaulula zinsinsi za malonda. Choncho uthenga wabwino umayankha mafunso atatuwo munthu asanawafunse. Umanena kuti ndinu yani ndipo nambala yake mwaipeza kwa yani, umapereka njira yoyankhira yosasiya zolembedwa, ndipo umanena poyera kuti simukupempha kulowetsedwa ntchito.

Kusankha womulembera

Si wantchito aliyense amene angakuthandizeni. Woyenera ndi amene akugwira ntchito yofanana ndi imene mukufuna, kapena amene ali pamwamba pang'ono m'gawo lomwelo. Dalaivala wa kampani angadziwe tsiku limene malipiro amatuluka, koma sangadziwe zimene kalaliki wa m'nyumba yosungiramo katundu amakumana nazo pa tsiku lowerengera matumba. Akhalenso munthu amene watha chaka chathunthu pakampanipo, chifukwa amene wangotha miyezi itatu sadaone nyengo zonse za ntchito, ndipo mwina akadali pa nthawi yoyesedwa, pamene sangayerekeze kunena choipa chilichonse.

Pali anthu awiri oti muwapewe. Woyamba ndi mkulu wa ofesi yolemba antchito, chifukwa udindo wake ndi kuyankhulira kampani. Wachiwiri ndi aliyense amene angadzakhale pa gulu lokufunsani mafunso pa intavyu, chifukwa kumulembera mwamseri kungaoneke ngati mukufuna kukonderedwa, ndipo kungakuchotsereni mwayi.

Njira yomupezera ikhale ya munthu amene nonse mumamudziwa: mphunzitsi wanu wakale, mnzanu wa kumpingo, kapena wachibale. Mkhalapakatiyo ayambe wamufunsa mwini wakeyo ngati angalole kuti nambala yake iperekedwe. Uthenga upite ku foni yakeyake, osati ku imelo ya kampani imene ena angathe kuiwerenga, ndipo usaponyedwe pa gulu. Nthawi yabwino ndi madzulo ataweruka kapena Lamlungu masana.

Chitsanzo: uthenga woyamba

Tiyerekeze kuti pali mtsikana wa m'boma lino amene ali ndi satifiketi ya zowerengera ndalama. Pakali pano amalemba mabuku pa sitolo ina ya pamsika, ndipo amalandira K170,000 pa mwezi chaka chonse. Waitanidwa ku intavyu pa kampani ina ya ku Kanengo mumzinda wa Lilongwe, yogula soya ndi mtedza, imene ikufuna kalaliki wa m'nyumba yosungiramo katundu pa malipiro a K300,000. Mphunzitsi wake wakale wamupatsa nambala ya mayi wina amene wagwira ntchito ya ukalaliki pakampanipo zaka zitatu. Uthenga umene mtsikanayu adayamba kulemba udali wotere:

"Muli bwanji? Ndamva kuti mumagwira ntchito kukampani ija. Kuli bwanji kumeneko? Mumalandira zingati? Ndamva kuti abwana ake ndi ankhanza, ndi zoona? Chonde mundithandize ndilowe, zinthu zandivuta."

Uthengawu ndi waufupi, koma zolakwika zake ndi zambiri. Wolemba sadadzitchule, ndipo sadanene amene wamupatsa nambala. Funso lakuti "kuli bwanji" lilibe poligwira, choncho yankho lake ndi "kuli bwino", monga timayankhira moni panjira ngakhale tikudwala. Kufunsa munthu wamkulu amene simumudziwa kuti amalandira zingati ndi chipongwe, ndipo sikuthandiza chifukwa malipiro ake si amene inu mudzalandire. Funso la nkhanza za abwana likumupempha kuti alembe ndi dzanja lake mawu amene angamuchotsetse ntchito. Chiganizo chomaliza chikufafaniza zonse, pakuti chikusonyeza kuti mafunso aja adali njira chabe yopemphera kulowetsedwa. Mayi wanzeru akawerenga uthenga wotere amangouyang'ana n'kuika foni pansi.

Uthenga wokonzedwa

Atauganizira bwino, mtsikana uja adalemba motere:

"Mayi, mwaswera bwanji? Pepani polowa pa foni yanu musanandidziwe. Ine ndine Uje, wa m'boma lakuti, ndipo nambala yanu andipatsa ndi aphunzitsi a Uje, amene andiuza kuti adalankhula nanu. Ndaitanidwa ku intavyu Lachinayi sabata yamawa pa ntchito ya ukalaliki wa m'nyumba yosungiramo katundu pakampani panupo. Sindikupempha kuti mundilankhulire kwa wina aliyense, kapena kuti mundiuze mafunso a intavyu. Ndili pa ntchito ina yaing'ono kuno, ndipo ndisanaisiye ndikufuna kumva kwa munthu amene ali m'katimo mmene ntchitoyi imakhalira. Ndili ndi mafunso anayi okha. Ngati mungakonde kulankhula kusiyana ndi kulemba, ndiuzeni nthawi imene muli ndi mpata, ndikuimbireni ineyo kwa mphindi khumi. Zimene mundiuze zithera kwa ine, ndipo dzina lanu sindikalitchula kulikonse. Ngati n'kovuta kwa inu, ndimvetsa ndithu. Zikomo kwambiri, Mayi."

Onani mmene chiganizo chilichonse chikugwirira ntchito yake. Dzina la mphunzitsi likuchotsa mantha akuti uwu ndi msampha, chifukwa mayiyo angathe kumuimbira n'kutsimikiza. Kutchula tsiku la intavyu kukumuuza kuti nkhaniyi ndi yeniyeni ndipo ili ndi malire a nthawi, popanda kumukakamiza. Kunena chimene simukupempha n'kofunika mofanana ndi kunena chimene mukupempha. Kutchula kuti mafunso ndi anayi ndipo mphindi ndi khumi kukumusonyeza kukula kwa katundu amene mukumusenzetsa. Woimba foni akhale inu, kuti mayunitsi othera pa nkhani yanu akhale anu. Mawu omaliza akumupatsa khomo lotulukira mwaulemu, ndipo munthu amene wapatsidwa ufulu wokana ndi amene amavomera ndi mtima wonse.

Mafunsowo sali mu uthenga woyambawu, ndipo izi n'zadala. Munthu ayambe wavomera, ndiyeno asankhe yekha ngati akufuna kuyankha polemba kapena pakamwa. Ulemu nawo usachepe. Ngati ndi wamkulu kwa inu mutchuleni "Mayi" kapena "Bambo", ndipo ngati ndi wa msinkhu wanu "Achemwali" kapena "Achimwene". Mawu odula amene timalemberana ndi anzathu asapezeke mu uthenga wotere.

Mafunso amene amatulutsa zoona

Funso labwino ndi limene yankho lake ndi tsiku, ola, chiwerengero kapena chinthu chimene chidachitika. Limalola munthu kunena zoona popanda kunyoza wina aliyense, ndipo kuweruza kumatsalira inu. Mtsikana wathu adakonza mafunso awa.

Loyamba: "M'miyezi isanu ndi umodzi yapitayi, malipiro akhala akutuluka pa tsiku lanji?" Funsoli ndi losiyana ndi lakuti "kodi amalipira bwino?" Munthu akayankha kuti pa 27 mwezi uliwonse, mwadziwa. Akayankha kuti zimatengera, mwadziwanso.

Lachiwiri: "Nthawi yogula mbewu mumalowa ndi kuweruka nthawi yanji, ndipo maola owonjezera amaoneka pa pepala la malipiro?" Apa m'pofunika kudziwa muyeso woyezera yankho. Lamulo la Zantchito la m'chaka cha 2000 limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, ndipo maola owonjezera pa tsiku wamba la ntchito alipidwe pa mlingo wa ola limodzi ndi theka pa ola lililonse.

Lachitatu: "Amene adali pa mpando umenewu adakhalapo nthawi yaitali bwanji, ndipo adali ndi kalata ya ntchito yokhazikika kapena kontirakiti ya miyezi?" Funso ili limaulula zambiri kuposa ena onse. Mpando umene wasintha anthu atatu m'zaka ziwiri uli ndi nkhani yake. Lamulo lomwelo limafuna kuti wolemba ntchito apatse wantchito chikalata chofotokoza mfundo za ntchito yake, ndipo limati nthawi yoyesedwa ya wantchito waluso isapitirire miyezi 12.

Lachinayi ndi la ntchito yeniyeniyo: "Powerengera katundu, akapezeka kuti wapelewera, zimatha bwanji?" Aliyense wofunsa akonze funso limodzi lotere, lochokera pa malo amene ntchito yake imalumira. Kwa kalaliki wa mbewu malowo ndi pa sikelo. Soya wogulidwa asanaumitsitse amapepuka akamauma m'nyumba yosungiramo. Matumba 200 a makilogalamu 50, lililonse likataya kilogalamu imodzi, ndiye kuti makilogalamu 200 asowa m'mabuku popanda wakuba, ndipo amenewo ndi matumba anayi athunthu. Kalaliki ayenera kudziwiratu ngati kampani imayeza chinyezi polandira mbewu, kapena ngati kupelewerako kumagwera amene adasainira katunduyo.

Nthawi ikalola, funso lina lothandiza ndi la penshoni. Kwa antchito amene lamulo la penshoni limawakhudza, wolemba ntchito amayenera kusonkha ndalama zosachepera 10 pa 100 iliyonse ya malipiro, ndipo wantchito 5 pa 100 iliyonse. Musafunse ngati amadula, pakuti kudula n'kosavuta. Funsani ngati wantchitoyo amalandira chikalata chochokera ku kampani yosunga penshoni chosonyeza kuti ndalamazo zikufikadi.

Pali zinthu zimene simuyenera kufunsa: mitengo imene kampani imagulitsira katundu, mayina a makasitomala ake, ndi nkhani za moyo wa abwana. Zimenezi sizikuthandizani kusankha, ndipo zingaphwanyitse munthu pangano lake la ntchito.

Kumva yankho

Mayi uja adasankha kulankhula pa foni Loweruka madzulo. Adati malipiro a antchito okhazikika amatuluka pa 27 kapena pa 28, ndipo sadachedwepo chilowereni iye. Adati kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti amalowa 7 koloko m'mawa n'kuweruka 6 koloko madzulo, Lolemba mpaka Loweruka, kupumula ola limodzi masana, ndipo m'malo mwa malipiro a maola owonjezera amalandira chakudya chamasana. Pa funso lachitatu adayamba wakhala chete, kenaka adati makalaliki awiri amene adakhala pa mpandowo adali pa kontirakiti ya miyezi isanu ndi umodzi, ndipo onse adapita nyengo yogula itatha. Pa lachinayi adati chipangizo choyezera chinyezi chilipo ndipo chimagwiritsidwa ntchito, koma adamva kuti kalaliki wina pa depoti ina adadulidwapo malipiro.

Tsopano mtsikanayu ayenera kukhala pansi ndi cholembera. Maola 10 pa tsiku kwa masiku 6 ndi maola 60 pa sabata, kutanthauza maola 12 pamwamba pa 48 aja. Ngati ntchitoyo ndi ya miyezi 6 yokha, K300,000 pa mwezi ikupanga K1,800,000, msonkho usanadulidwe. Ntchito yake ya pasitolo, ya K170,000 kwa miyezi 12, ikupanga K2,040,000 pa chaka, ndipo kwawo salipira lendi kapena minibasi. Malipiro amene ankaoneka ngati owirikiza kawiri angathe kukhala ochepa pa chaka. Koma ngati ulendo uno mpandowo ndi wokhazikika, masamu onsewa atembenuka, ndipo kampani imene sichedwetsa malipiro si yoitaya. Kukambirana kwa mphindi khumi sikudamuuze kuti apite kapena asapite. Kwamusonyeza funso limodzi limene chisankho chake chonse chagonapo.

Pomvera yankho, siyanitsani zimene munthu waona ndi zimene wamva. Za tsiku la malipiro mayiyu waziona yekha kwa zaka zitatu, ndipo n'zodalirika. Za kalaliki wodulidwa malipiro wangomva, choncho ndi chenjezo loti mulifufuze, osati umboni. Mverani bwino mawu ozemba amene anthu aulemu amanena posafuna kunyoza kumene amadyera, monga "bola kusiyana n'kukhala", "timangopirira" kapena "mudzaona nokha mukabwera". Mukamva otere musaumirize. Funsani mofatsa kuti, "Mchemwali wanu atafuna ntchito imeneyi, mungamuuze kuti akonzekere chiyani?" Funsoli limamasula lilime chifukwa likupempha uphungu osati chinenezo.

Kumbukiraninso kuti munthu mmodzi amaona mbali imodzi. Amene wangokwezedwa kumene amaona zabwino zokhazokha, ndipo amene adakangana ndi kapitawo dzulo amaona zoipa zokhazokha. Ngati n'kotheka funsaninso munthu wachiwiri, makamaka amene adachoka pakampanipo posachedwa, chifukwa iye alibe chimuopsa, ngakhale kuti angakhale ndi mangawa. Pamene wotsala ndi wochoka anena zofanana, pamenepo mungaponde molimba.

Zikapanda kuyenda monga mumayembekezera

Uthenga ukapanda kuyankhidwa, dikirani masiku anayi kapena asanu, ndipo mukumbutse kamodzi kokha ndi mawu ochepa. Akakhalabe chete, musiyeni. Kukhala chete kwake sikutsimikiza kuti kampaniyo ndi yoipa. Mwina watanganidwa, kapena sakufuna, ndipo ndi ufulu wake.

Choopsa chenicheni ndi yankho lokoma mopitirira. Munthu akati musavutike ndi mafunso, ingotumizani ndalama yakuti pa foni kuti dzina lanu likwere pamwamba, dulani kukambiranako pomwepo. Mwina si wantchito wa pakampanipo n'komwe, ndipo ngati ali wantchito, akukukokerani m'ziphuphu zimene zingakuikeni pa mlandu nonse awiri. Chimodzimodzi amene asandutsa pempho lanu kukhala mwayi wokuitanirani kumalo obisika. N'chifukwa chake mkhalapakati wodziwika ndi wofunika, ndipo ngati mwagwirizana zokumana maso ndi maso, pakhale poyera ndi masana.

Pambuyo pa kukambirana

Tsiku lomwelo tumizani mawu othokoza, ndipo zotsatira za intavyu zikatuluka mudziwitseni, kaya mwapambana kaya ayi. Lonjezo la chinsinsi lisungidwe kotheratu. Pa intavyu musanene kuti "ndamva kwa wantchito wanu wina", chifukwa pa ofesi ya anthu ochepa n'kosavuta kulota kuti ndi ndani. Zimene mwamva zisandutseni mafunso amene wofuna ntchito aliyense angafunse. Mtsikana wathu, akadzapatsidwa mpata wofunsa, adzangoti, "Kodi mpandowu ndi wokhazikika kapena wa nyengo yogula mbewu yokha? Nanga maola owonjezera ndi katundu wopelewera, kampani imazisamalira motani?" Akadzauzidwa kuti wapambana, adzapemphe kalata yolembedwa yonena za malipiro, kutalika kwa kontirakiti ndi nthawi yoyesedwa, ndipo asatule pansi ntchito ya pasitolo kalatayo isanafike m'manja mwake. Ngati m'kalatamo muli mfundo imene sakuimvetsa, ofesi ya zantchito ya pa boma ilipo kuti imufotokozere asanasaine.

Zokambirana m'magulu a achinyamata

1. Werenganinso uthenga woyamba wa mtsikana uja. Ndi mawu ati amene akudzutsa mantha atatu amene tatchula koyambirira?

2. Sankhani ntchito imodzi imene anthu a m'dera lanu amakonda kufunsira, monga ulonda, udalaivala kapena kugulitsa m'sitolo. Kodi ntchito imeneyo imalumira pati? Konzani funso limodzi limene yankho lake ndi tsiku, ola kapena chinthu chimene chidachitika.

3. Awiriawiri, wina alembe uthenga wopempha kukambirana, ndipo mnzake auwerenge ngati wantchito amene ali ndi ana atatu pasukulu. Wowerengayo anene moona ngati akadayankha, ndipo asonyeze chiganizo chimene chamulimbitsa mtima kapena chamubweza.